Mpendero wa Sikipa ndi Singano ya Mapasa: Mawu kwa Omaliza Maphunziro a Zosoka ku Chanyanya

 

Ine ndine telala. Ndinaphunzira kusoka ku Kafue masiku amene fakitale ya Kafue Textiles inkatulutsa nsalu za thonje, ndipo manja athu anakulira pa chitenje. Chitenje ndi nsalu yomvera: ukachipinda chimapindika, ukachisoka chimakhala pomwepo. Koma onani zimene ana athu avala pano, onani asodzi kudooko. Ndi masikipa ndi majezi a mpira, ambiri a salaula. Nsalu zimenezi zimatamuka, ndipo anthu adzabwera nazo kwa inu kuti muzifupikitse. Pochezera ntchito zanu mmawa uno ndaona madiresi okongola, komanso ndaona sikipa imodzi imene mpendero wake wachita mafunde ngati madzi a mumtsinje wa Kafue kukaomba mphepo. Ndilankhula za mpendero umenewo.

Mukasoka sikipa ndi msoko wowongoka wa masiku onse, nsalu imatamuka koma ulusi sutamuka. Mwiniwake akangoivala, mumamva kuti thu, ulusi waduka. Singano ya mapasa inapangidwira vuto limeneli. Ndi singano ziwiri pa tsinde limodzi. Pamwamba zimasiya mizere iwiri yoyendera limodzi, koma pansi pali ulusi umodzi wokha wa bobini, umene umayenda uku ndi uku kukola ulusi wa singano zonse ziwiri. Kukhotakhota kwa ulusi wapansiwo ndi kumene kumapatsa msoko mpata wotamuka. Mukatembenuza nsalu n'kupeza ulusi wapansi uli chiwongokere, dziwani kuti msokowo uduka.

Ndikuchenjezeni musanataye ndalama ku Kamwala. Makina athu akuda opalasa ndi phazi, amene kabowo kake ka singano ndi kozungulira ndipo ulusi umalowa m'singano cham'mbali, salandira singano imeneyi. Idzamenya chitsulo n'kuthyoka. Imafuna makina osoka zigizagi, a bowo lotambalala, amene ulusi umalowa m'singano kuchokera kutsogolo, monga aja a magetsi ali pangodya apo. Pa paketi mudzaona manambala awiri, mwachitsanzo 4.0/75. Yoyamba ikunena kuti singanozo zatalikirana mamilimita 4, yachiwiri ndi kunenepa kwa singano. Funani paketi yolembedwa `Stretch`, chifukwa nsonga yake ndi yobulungira pang'ono, imadutsa pakati pa ulusi wa nsalu osauboola, ndiponso sidumphadumpha msoko.

Tsono tiyeni titenge sikipa imodzi. Mayi wabwera nayo, akuti yamutalikira mwana ndi masentimita 8. Musadule onse 8. Dulani 5 ndi theka, otsalawo 2 ndi theka ndiwo mpendero. Pindani kamodzi kokha, chifukwa nsalu imeneyi sisosoka m'mphepete ngati chitenje, ndipo musite pamene mwapindapo. Chidutswa mwadulacho musachitaye, ndicho mphunzitsi wanu. Chipindeni chimodzimodzi, mulembepo ndi choko madontho awiri otalikirana masentimita 20. Ikani makina pa msoko wowongoka, kutalika kwa msoko mamilimita 3. Ngati mulibe mpukutu wachiwiri wa ulusi, kulungani wina pa bobini muike pamwamba. Zungulizani gudumu ndi dzanja kaye kuti muone ngati singano zonse zikulowa bwino m'bowo. Kenako sokani nsalu itayang'ana kumaso kwake kumwamba, singano yakumanzere ikupita pafupi ndi pamene pathera chopindacho pansi.

Mukamaliza, yezaninso pakati pa madontho aja. Mukapeza 20, zili bwino. Mukapeza 22, ndiye mafunde aja: nsalu inatamuka pamene inkadutsa pansi pa phazi la makina, ndipo msoko waigwira ili yotamuka. Siingabwererenso mwakale, ndiye imayamba kuvina.

Chimene chimaitamula n'chiyani? Choyamba ndi manja athu omwe. Tinazolowera kugwira chitenje kutsogolo ndi kumbuyo n'kumachikoka kuti chiwongoke. Pa sikipa chizolowezi chimenecho ndicho chimawononga. Dzanja lingolondolera nsalu, mano a makina ndiwo aikoke. Ndipo musalole kuti sikipa ilendewere pathebulo, chifukwa kulemera kwake kokhako kumaikoka. Chachiwiri ndi phazi la makina. Mano amakoka nsalu yapansi, phazi limakaniza yapamwamba, ndipo likapanikiza kwambiri limaikankha ngati mmene mpini umafutukulira ufa wa mandasi. Makina ambiri ali ndi chopotokola pamwamba, cha kumanzere, chochepetsera kupanikizako. Chimasuleni pang'onopang'ono, mukuyesa pa chidutswa. Chachitatu ndi msoko waufupi. Misoko ikachulukana, ulusi umadzazana m'nsalu n'kuikankhira kunja. Ngati 3 sanathandize, pitani pa 3 ndi theka.

Nsalu zina ndi zopyapyala moti zonsezi sizikwanira, makamaka majezi oterera aja. Pamenepo ikani kapepala kopyapyala pansi pa mpendero, musokere limodzi, mudzakang'ambe mosamala pambuyo. Kapepalako sikatamuka, ndiye kamaigwira nsalu. Enanso amaumitsa mpendero ndi sitachi asanasoke, ndipo imachoka pochapa.

Palinso vuto lina limene anthu amalisokoneza ndi mafunde. Pakati pa mizere iwiri ija nsalu imatukuka ngati mzere wa mbatata. Apa nsalu sinatamuke ayi, koma ulusi wapansi wathina, wakokera mizere iwiriyo pamodzi. Mankhwala ake ali pa shato. Kasikuluu kakang'ono kamene kamathinitsa ulusi wa bobini mukamasule pang'ono chabe, osapitirira kota la kuzungulira kumodzi, ndipo muike chizindikiro pamene kanali. Ine ndimasunga shato yachiwiri ya masikipa okhaokha, kuti ya chitenje ndisamaisokoneze. Kalabu yanu ikakhala ndi kandalama, chimenecho ndicho ndingagule poyamba. Ngati mzerewo ukadalipo, nsaluyo ndi yopepuka kwambiri kwa singano ya mamilimita 4. Tengani ya 2.5/75, mpata wotukukira uchepe.

Chidutswa chikatuluka chosalala, chikokeni ndi manja onse awiri monga mmene mwana amakokera sikipa povula. Chikapanda kulira thu, tsopano sokani sikipa yeniyeni. Yambirani pa msoko wa m'mbali, muzungulire, mupitirire pang'ono pamene munayambira. Musabwerere m'mbuyo pomanga msoko, chifukwa ulusi utatuwo umapotana. Siyani ulusi wautali, muukokere mkati, mumange ndi dzanja.

Chomaliza ndi simbi. Timafunde tating'ono timatha ndi nthunzi. Yalani kansalu konyowa pa mpendero, muike simbi, munyamule, muikenso patsogolo. Osaikhwekhwereza, chifukwa mudzatamula zimene mwasamala nthawi yonseyi. Ngati ndi simbi ya makala, samalani kwambiri ndi majezi, amasungunuka msanga. Kansalu konyowako kasachoke. Muisiye sikipayo izizire ili chigonere musanaipereke kwa mwini wake.

Ndabwera ndi mapaketi awiri a singano zimenezi, ya 4.0 ndi ya 2.5, ndipo ndawasiya m'manja mwa aphunzitsi. Mwini sikipa ya mafunde ija, mwana wanga, usachite manyazi, msoko wako ndi wowongoka bwino. Tikatha kupereka masatifiketi tikumane pa makina apo, tiimasule limodzi, tiisokenso anzako akuona.