Mwana Alowe Sukulu Iti Mukasamukira ku Blantyre?

 A Mlembi anandipempha kuti ndilankhulepo za kusankhira ana sukulu munthu ukasamutsidwa pa ntchito, poti ambiri mwa ife timagwira m'boma ndipo kalata ya transifa sigogoda pachitseko. Ndifotokoza zimene zinandichitikira ineyo, kuphatikizapo pamene ndinalakwitsa.

Mu 2022 anandisamutsa kuchoka ku Kasungu kubwera kuno ku Blantyre. Nyumba tinaipeza ku Machinjiri, chifukwa lendi ya kufupi ndi tauni inandikanika. Ana asukulu anali awiri: mtsikana wolowa Sitandade 7 ndi mnyamata wolowa Sitandade 2. Ku ofesi aliyense anali ndi sukulu yake yoitama. Wina amati ya cha ku Chilomoni, wina ya ku Bangwe, koma ambiri ankatchula sukulu ina yoyima payokha ya mbali ya ku Zingwangwa, ati kumeneko ana amalankhula Chingerezi ngati azungu.

Fizi yake inali K90,000 pa teremu mwana mmodzi. Ndinaona kuti ndikwanitsa. Mayi a kunyumba ndi amene anatenga pensulo nandifunsa kuti, "Bambo, nanga anawa azikafika bwanji?" Kuchoka ku Machinjiri kukafika kumeneko ndi minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwera. Pa mtengo umene tinkalipira nthawi imeneyo, pafupifupi K500 ulendo umodzi, mwana mmodzi ankafuna K2,000 patsiku. Teremu ili ndi masiku ophunzira oposa 60, ndiye kuti K120,000 ya minibasi yokha, kuposa fizi imene ndinkaiopa ija. Apo tisanawerengere yunifomu, mabuku ndi ya chakudya chamasana. Chinanso, mwana wazaka 7 akanayenera kudzuka kusanache ndi kumakasintha minibasi pasiteji m'tauni. Tinaisiya. Pamene namondwe wa Freddy anagwa mu Malichi 2023, mitsinje yamumzinda itasefukira, ndinathokoza kuti sitinayambe zoti ana azidutsa tauni yonse tsiku ndi tsiku. Ndipo Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, fizi ndi minibasi zinakwera pamodzi, pamene malipiro anga anaima pomwepo.

Komabe njala ya Chingerezi inali isanandithere. Mnyamatayo ndinamuika pa kasukulu kena koyima pakokha pafupi ndi kwathu, kamene pageti pake panalembedwa kuti Chichewa ncholetsedwa. Teremu yoyamba ndinasangalala. Ankalonjera alendo m'Chingerezi, kutchula masiku a sabata ndi miyezi ya chaka mosaphonya, agogo ake mpaka kuululutira. Tsiku lina Loweruka ndinampatsa pepala la kutchalitchi kuti andiwerengere mzere umodzi wa Chichewa. Anangoliyang'ana. Ndinatenga buku lake lomwe la Chingerezi, nkutsegula tsamba limene anali asanafikepo m'kalasi. Anangoti kakasi. Mwanayo sankawerenga ayi, ankaloweza zimene aphunzitsi anena.

Pamenepa mpofunika kumvetsa. Ife tinaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, nkuyamba kuphunzira m'Chingerezi mu Sitandade 5, monga zinakhalira kuyambira 1968. Lamulo la maphunziro la 2013 linanena kuti chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, koma mukalowa m'makalasi aang'ono a sukulu za boma mudzamva aphunzitsi akufotokozabe m'Chichewa, chifukwa ndicho ana amamva. Ndipo Chichewa chili ndi ubwino wina pophunzira kuwerenga: chimalembedwa monga chimamvekera. Mwana akadziwa kuti m ndi a zimapanga ma, angathe kuwerenga mawu amene sanawaonepo. Chingerezi sichitero, chilembo chimodzi chimamveka mosiyanasiyana, tsono mwana amene sanadziwe kulumikiza zilembo, ndiponso sakumva tanthauzo, amathawira kuloweza. Sindikunena kuti sukulu zonse za Chingerezi nzotero. Zilipo zabwino kwambiri. Koma musaziyese ndi mmene mwana akulonjerera. Mpatseni tsamba lachilendo, awerenge, kenaka akuuzeni m'mawu akeake zimene wawerengazo.

Tinamusamutsira ku sukulu ya boma ya m'dera lathu. Sindikubisirani, tsiku limene ndinasuzumira m'kalasi mwake ndinawerenga ana oposa 100, ambiri atakhala pansi. Vuto limeneli ndi lakale. Chiyambire 1994 pamene fizi ya ku pulayimale inachotsedwa, ana anachuluka kuchoka pa mamiliyoni awiri osakwana kufika pafupifupi mamiliyoni atatu, ndipo zipinda sizinakwanepo. M'kalasi yotere mphunzitsi sangamve mwana aliyense akuwerenga. Ntchito imeneyo tinaitenga ife, mphindi 20 madzulo alionse tisanadye nsima. Pakutha pa materemu awiri anali akuwerenga Chichewa, ndipo Chingerezi chinatsatira bwino.

Nkhani ya mtsikana inali ina. Kwa mwana wa Sitandade 7, funso lalikulu ndi lakuti adzalembera kuti mayeso a Sitandade 8. Mayesowa amakonza ndi a MANEB, ndipo mapepala onse kupatula la Chichewa amakhala m'Chingerezi, kotero pa msinkhu uwu Chingerezi cholemba nchofunikadi. Amene akhoza bwino koposa amasankhidwira ku sukulu ngati Blantyre Secondary, imene imatenga ana ochokera m'dziko lonse, koma malo ake ndi ochepa. Ambiri amapita ku sekondale zoyendera ndi ma CDSS, ndipo zimenezi zimatenga ana a mapulayimale ozungulira. Ndiye kuti posankha pulayimale mukusankhiratu mbali ya mzinda kumene mwana adzayendere zaka zina zinayi. Mnzanga wina wa ku Ndirande analembetsa mwana wake cha ku Bangwe potsata mbiri. Mwanayo anasankhidwira ku sekondale yoyendera ya komweko, ndipo bamboyo analipira minibasi mpaka Folomu 4.

Ndinapita kwa mlangizi wa sukulu za m'zoni yathu, amene timati PEA, ndipo anandiuza sukulu zitatu zoti mwana nkuyenda wapansi. Pa iliyonse ndinapempha a hedi kuti andionetse mndandanda wa ana osankhidwa kwa zaka zitatu zapitazo. Apa chenjerani. Musafunse kuti anakhoza ndi angati, pakuti kukhoza ndi kusankhidwa nzosiyana. Funsani kuti analemba angati, anasankhidwa angati, ndipo anapita kuti. Yerekezaninso kukula kwa Sitandade 7 ndi Sitandade 8. Ngati 7 ili ndi ana 90 koma 8 ili ndi 30, mwina ofooka amawabweza kuti mbiri ya sukulu ikhale yoyera, ndipo mwana wanu angathe kukhala mmodzi wa obwezedwawo. Ikakhala yoyima payokha, funsani ngati inalembetsedwa ku Unduna wa Zamaphunziro, ndiponso ngati ili ndi nambala yakeyake ya malo olembera mayeso.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi makope. Ndinapempha kuona makope a ana atatu a Sitandade 7, osati osankhidwa ndi a hedi. Pa sukulu ina, cholembera chofiira chinali chitadutsamo komaliza mwezi wathunthu m'mbuyomo. Pa ina, imene nyumba zake zinali zosapaka penti, masamu a dzulo lake anali atachongedwa, ndipo pamene mwana analakwa panali polembanso. Mwana wanga analowa imeneyo, ulendo wa mphindi 25 wapansi, atanyamula kalata yake ya transifa yochokera ku Kasungu. Analemba mayeso mu 2024 ndipo anasankhidwira ku sekondale yoyendera. Ine ndinkafuna yogonera, ndipo sindinabise kukhumudwa kwanga. Mayi ake akuti bola amamuona madzulo alionse. Mkangano umenewu kwathu sunathebe.

A Wapampando, ndaona mukuyang'ana wotchi.