Zimene tinaphunzira pa sopo wobwezedwa ku Durban North

Gulu lathu linatenga ngongole kubanki m'khonde n'kuyamba kupanga sopo, ndipo makasitomala athu ambiri ndi a ku Durban North, komwe ena mwa ife timagwira ntchito zam'nyumba. Amaoda pa WhatsApp ataona chithunzi ndi mawu ochepa basi. Poyamba tinkangolemba kuti "sopo wachilengedwe, wonunkhira bwino". Sopo anayamba kubwezedwa, ndipo poti wotsegulidwa sagulitsikanso, ndalama yobwezera ngongole inkathera pomwepo.

Madandaulo aja titawaika pamodzi, tinapeza kuti sopoyo analibe vuto. Ife ndi amene sitinkawauza anthu zoti ayembekezere.

Nkhani yaikulu inali kulemera. Tinkayeza sopo tsiku lomudula n'kulemba magalamu 120. Koma sopo wopangidwa pamanja amafunika kukhala masabata 4 mpaka 6 kuti akhwime, ndipo nthawi yonseyi madzi amauluka. Mayi wina anamuika pasikelo yakukhitchini n'kupeza 108. Anati tamubera, ndipo kunena zoona sanalakwe kudandaula. Pano timayeza sopo atakhwima, timatenga wopepuka kwambiri pa mtanda wonse, n'kulemba nambala yotsikirapo: "osachepera magalamu 100". Timaonjezera kuti timadula ndi manja, choncho zidutswa sizifanana ndendende.

Chinyezi cha ku Durban mukuchidziwa, makamaka Januwale ndi Febuluwale. Sopo wathu ali ndi gilisalini, yemwe amakoka madzi a mumpweya, moti sopo amachita timadontho ngati thukuta. Wogula akaona zimenezi amaganiza kuti wawonongeka. Sentensi imodzi inathetsa nkhaniyi.

Zimene timalemba pano, m'Chingerezi, tanthauzo lake ndi ili: "Sopo wa vanila, osachepera magalamu 100. Muli mafuta a olivi, a kokonati, batala wa shiya, madzi, kositiki soda ndi fungo la vanila. Vanila amadetsa sopo, choncho wanu akhoza kuoneka wabulauni kuposa wa pachithunzi. Fungo lake ndi lapansipansi. Kukakhala chinyezi amachita timadontho, pukutani, sanawonongeke. Mumuike pa mbale yobooka kuti aziuma, apo ayi asungunuka msanga."

Kositiki soda ena ankafuna tisamutchule, poopa kuti anthu athawa. Ife timamutchula, n'kufotokoza kuti amasakanikirana ndi mafuta n'kusanduka sopo. Mafuta onse timawalembanso, chifukwa pali anthu amene khungu lawo limadana ndi ena mwa iwo.

Mawu akuti "amachiza zikanga" kapena "amathetsa ziphuphu" tinawachotsa. Kuno ku Joni, chinthu ukachinena kuti chimachiza chimawerengedwa ngati mankhwala, ndipo mankhwala ali ndi malamulo ake. Komanso amene wagula chifukwa cha lonjezo limenelo amabwera sabata yachiwiri, ziphuphu zili pomwepo, kudzafuna ndalama yake.