Ngongole Imene Munthu Sanatenge: Kalembedwe ka Kalata Yoikana

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Munthu akhoza kukhala zaka ziŵiri akugwira ntchito yake mwamtendere, osadziŵa kuti kwinakwake dzina lake linalembedwa m'kaundula wa anthu osabweza ngongole. Amadzazindikira pa tsiku limene wapita ku banki kukabwereka ndalama, nabwezedwa chimanjamanja. Nkhani ya lero ikufotokoza kalata imene munthu wotere ayenera kulemba, mau oyenera kuikamo, ndiponso zolakwa zimene zimachititsa kalata yotere kupita pachabe.

Poyamba omvera adziŵe kumene kalatayo imapita. M'chaka cha 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lolola kuti m'Malaŵi muno mukhale mabungwe osunga mbiri ya ngongole, amene anthu a m'mabanki amawatchula mwachidule kuti CRB. Mabungweŵa amalandira chilolezo ku Banki Yaikulu ya Malaŵi. Iwo sabwereketsa ndalama. Ntchito yao ndiyo kulandira mbiri yochokera ku mabanki ndi kwa ena obwereketsa ndalama, kuisunga pa dzina la munthu aliyense, ndi kuionetsa kwa wobwereketsa wina akaifunsa. Tsono mfundo yofunika kuigwiritsa nayi: bungwe lotere limangosunga zimene lauzidwa. Silinaone munthu akusaina fomu, kapena akulandira ndalama. Mapepala enieni a ngongoleyo ali kwa amene anabwereketsa. Kotero kalata yabwino ndi imene imakakamiza bungwelo kubwerera kwa wobwereketsayo kukafunsa umboni.

Nachi chitsanzo chosonyeza mmene nkhani zotere zimayendera. Mayi ŵena ophunzitsa pa sukulu ya pulaimale m'boma la Dowa anapita ku banki kukapempha ngongole yogulira malata. Patapita masiku angapo anauzidwa kuti pempho lao lakanidwa, chifukwa ali kale ndi ngongole ina imene sakubweza. Mayiwo anadabwa, koma sanataye nthaŵi kukangana ndi kalaliki wa pa kauntala. Anafunsa funso limodzi lokha: kodi mbiri imeneyi mwaiona ku bungwe liti? Atauzidwa dzina la bungwelo, anapempha lipoti la mbiri yao, pakuti lamulo limalola munthu kuona zimene zalembedwa pa dzina lake ndi kutsutsa zimene zili zolakwika.

M'lipotimo munali ngongole ziŵiri. Yoyamba inali yao ndithu, imene anamaliza kubweza kalekale. Yachiŵiri inali ya K850,000, yotengedwa Lachiŵiri pa 14 Febuluwale 2023 ku nthambi ya ku Mzuzu ya kampani ina yobwereketsa ndalama, ndipo panalibe ndi tambala yomwe imene inabwezedwa.

Munthu asanagwire cholembera, ayenera kuŵerenga lipotilo modekha kuti aone gwero la vutolo, pakuti ngongole yachilendo imaloŵa pa dzina la munthu m'njira zitatu. Njira yoyamba ndi kusokonezeka kwa maina. A Banda ndi a Phiri ngambiri m'dziko muno, ndipo mbiri ya munthu wina ikhoza kuphatikizidwa ndi ya mnzake wofanana naye dzina. Chizindikiro chake nchakuti nambala ya chiphaso cha unzika kapena tsiku lobadwa zimasiyana. Njira yachiŵiri ndi yoimira mnzako. Munthu amene anasainira m'bale wake kuti adzalipira ngati m'baleyo alephera, kapena amene analoŵa m'gulu lobwereka pamodzi, akhoza kupeza ngongoleyo pa dzina lake ngakhale sanadyeko ndalamazo. Pamenepo kalata yokana siingathandize, chifukwa siginecha ndi yake ndithu. Njira yachitatu ndi kubedwa kwa dzina, pamene wina agwiritsa ntchito chiphaso cha mnzake. Chizindikiro chake nchakuti dzina, nambala ya chiphaso ndi tsiku lobadwa zonse nzolondola, koma nambala ya foni, malo okhala kapena malo a ntchito nzachilendo.

Mayi aja anapeza kuti nambala ya chiphaso inali yaoyao, koma nambala ya foni sanaidziŵe, ndipo ku Mzuzu anali asanakhaleko. Apo anakumbukira kuti miyezi ingapo lisanafike tsiku limenelo, kunabwera bambo wina pa sukulupo amene anatolera mafotokope a ziphaso za aphunzitsi, nalonjeza ngongole ya feteleza imene siinaoneke. Anapita ku polisi kukanena, napempha kalata yosonyeza kuti adandaula. Anapemphanso aphunzitsi aakulu kuti alembe kalata yotsimikiza kuti pa 14 Febuluwale 2023 iwo anasaina m'buku losainira pofika pa ntchito, naphunzitsa tsiku lonse. Kuchokera ku Dowa kufika ku Mzuzu ndi ulendo wa maora angapo, kotero tsamba limodzi la buku limenelo linali mboni yamphamvu kuposa kulumbira kulikonse.

Atasonkhanitsa zimenezi analemba kalata. Pamwamba anaika keyala yao, nambala ya foni ndi tsiku. Mutu wa kalatayo unatchula dzina lao lonse monga lilili pa chiphaso, nambala ya chiphasocho, ndi nambala ya lipoti. Mau ake anali otere:

"Bwana, m'lipoti la mbiri yanga limene munandipatsa muli ngongole ya K850,000 imene akuti ndinatenga pa 14 Febuluwale 2023 ku Mzuzu. Nambala ya akaunti yake ndailemba pamutu pa kalata ino. Ngongole imeneyi ndikuikana yonse. Sindinaipemphe, sindinasaine fomu yake, sindinalandire ndalama zake, sindinaimire munthu aliyense, ndipo sindinatume wina kuti abwereke m'dzina langa. Nambala ya foni yolembedwa pa ngongoleyo si yanga. Pa tsiku limenelo ndinali pa ntchito ku Dowa, monga kalata ya aphunzitsi aakulu ikusonyezera.

"Ndikupempha zinthu zinayi. Choyamba, mulembe pa ngongoleyi kuti mwini dzina akuitsutsa, kuti aliyense woona mbiri yanga adziŵe. Chachiŵiri, mufunse amene anabwereketsa kuti aonetse fomu yosainidwa, chithunzi cha amene anabwereka, ndi akaunti imene ndalamazo zinapita. Chachitatu, akalephera kusonyeza kuti ndinali ine, muichotse pa dzina langa, ndipo mudziŵitse banki imene inandikaniza ngongole chifukwa cha mbiri imeneyi. Chachinayi, mundiyankhe polemba, ndi kunditumizira lipoti lokonzedwa. Ndaphatikiza mafotokope a chiphaso changa, lipoti lanu, kalata ya ku polisi ndi kalata ya aphunzitsi aakulu. Ine wanu."

Kalata imeneyi njaifupi, ndipo mphamvu yake ili m'kufupika komweko. Kaŵirikaŵiri makalata opita ku maofesi otere amalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo zake nzomwezi. Omvera aone kuti mayiwo anatchula ngongole imodzi yokha, ndi ndalama zake, tsiku lake ndi nambala yake. Munthu akangolemba kuti "mbiri yanga njolakwika", kalaliki sadziŵa mzere woti afufuze. Aonenso kuti anatseka makomo onse: kupempha, kusaina, kulandira, kuimira ndi kutuma. Amene angoti "sindinalandire ndalamazo" amasiya mpata wakuti wobwereketsa ayankhe kuti mwina anasainira mnzake. Ndipo sanatchule munthu aliyense kuti ndiye wakuba, ngakhale anali kukayikira bambo wa mafotokope uja. Zimenezo anafotokoza ku polisi, kumene ndi malo ake.

Pali zolakwa zitatu zimene zimaononga mlandu wabwino. Cholakwa chachikulu ndi kulipirako pang'ono kuti otolera ngongole asiye kuimba foni. Munthu akapereka ngakhale K5,000, risiti imeneyo idzatulutsidwa maŵa ngati umboni wakuti anavomera kuti ngongoleyo ndi yake. Chimodzimodzinso kulemba mau onga akuti "ndidzayesetsa kubweza zikayenda bwino". Cholakwa chachiŵiri ndi kudandaula pakamwa pokha kapena pa foni, pakuti mau a pakamwa amauluka ndi mphepo. Chachitatu ndi kutumiza mapepala enieni m'malo mwa mafotokope. Mapepala enieni akasokera mu ofesi, munthu amatsala wopanda chogwira.

Mayi aja anajambulitsa kalatayo katatu. Imodzi anakapereka ku bungwe losunga mbiri, napempha kuti pa kope lao adindepo chidindo cha tsiku limene yalandiridwa. Amene ali kutali akhoza kutumiza pa positi ofesi mwa rejisitala nasunga risiti, kapena pa imelo nasunga uthengawo. Ina anatumiza ku likulu la kampani imene inabwereketsa. Ichi nchofunika kwambiri, chifukwa obwereketsa amatumiza mbiri yatsopano ku bungwelo nthaŵi ndi nthaŵi. Ngati bungwe lafufuta ngongoleyo koma m'mabuku a kampaniyo ikadalimo, idzabweranso pa dzina lomwelo ngati udzu wosazulidwa ndi mizu.

Pamene kampaniyo inatulutsa fomu, zinaoneka poyera. Siginecha siinafanane ndi ya mayiwo, ndipo ndalamazo zinatumizidwa ku akaunti ya pa foni ya munthu wa dzina lina. Kampaniyo inalembera bungwelo kuti ngongoleyo ichotsedwe. Komabe mayiwo sanakhutire ndi lonjezo. Anapempha lipoti latsopano naona ndi maso ao kuti mzere uja kulibe, ndipo patapita miyezi itatu anapemphanso lina kuti atsimikize kuti sunabwerere. Ngati mabungwe osunga mbiri alipo oposa limodzi amene analandira mbiri yolakwikayo, kalata imodzimodziyo iyenera kupita kwa lililonse.

Nanga ngati kalata yapita koma yankho silikubwera, kapena bungwe layankha kuti wobwereketsa akuumirira popanda kuonetsa fomu? Munthu alembe kalata yachiŵiri yokumbutsa, yotchula tsiku la chidindo chija. Zikakanika apo, dandaulo lipite ku Banki Yaikulu ya Malaŵi, pakuti Gavanala wa bankiyo ndiye amene lamulo linamuika kukhala woyang'anira mabanki, obwereketsa ndalama ndi mabungwe osunga mbiri. Kumeneko adzafuna kuona kuti munthuyo anayamba wadandaula kwa eni akewo, ndipo makope osungidwa aja ndiwo adzamuchitire umboni.

Pomaliza, kalata imeneyi ili ndi malire ake. Siifufuta ngongole yoona imene munthu anaiŵala kapena analephera kubweza, ndipo siimasula amene anasainira mnzake. Ntchito yake ndi imodzi: kubweza funso kwa amene anabwereketsa, kuti asonyeze dzanja limene linasaina ndi thumba limene linalandira. Ndipo amene akupereka fotokope ya chiphaso chake kwa munthu aliyense achite bwino kulemba modutsa pa chithunzicho tsiku ndi cholinga chimene waiperekera, kuti pepalalo lisadzagwire ntchito ina. Mlandu suwola, ndipo ngongole yolembedwa molakwa siichoka yokha. Imachoka mwini dzina akaikana polemba.