Sikelo Yatsopano Iyambe Yayesedwa

Lero tiyankha mafunso atatu.

Funso: Kodi sikelo yatsopano ingalakwe bwanji?

Yankho: Isanafike pa msika wa Kapata imayenda ulendo wautali pa galimoto, ndipo kugwedezeka kwa panjira kungasunthe muvi wake.

Funso: Nanga tingaiyese motani?

Yankho: Mbale ikakhala yopanda kanthu, muvi uloze pa 0. Kenaka ikanipo chitini, muwerenge kulemera kwake, ndi kuthiramo lita imodzi ya madzi. Muvi uonjeze kilogalamu imodzi. Ukapanda kutero, ibwezeni kusitolo.

Funso: Tikapanda kuiyesa, chingachitike n'chiyani?

Yankho: Muvi ukayambira pa magalamu 50, wogula kilogalamu ya mtedza amalandira magalamu 950 okha. Akagula anthu 20, kilogalamu yathunthu yawasowa.

Tsalani bwino.