Mau Othokoza Otithandiza pa Tsiku Lotsegulira Ulendo wa Ndawala



Ife amayi a Chigwirizano tapatsidwa mpata uno kuti tikuonetseni anthu amene atigwira mkono pa ntchito imene tikuitsegulira lero. Koma tiyambe tanena ntchitoyo, pakuti ena mwangomva kuti amayi akufuna ndalama, osamva kuti ndi za chiyani.

Chipatala tili nacho. St Gabriel ya pa Namitete pano inayamba m'chaka cha 1959 ndi masisitere a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg, ndipo ambiri a ife ana athu anabadwira pomwepo. Chovuta ndi njira yokafikira kumeneko. M'chaka cha 2007 boma linaletsa azamba kuchiritsa amayi kumudzi, tsono mayi matenda akamuyamba usiku, m'nyumba mulibe ndi tambala yomwe, bambo amayamba kugogoda m'makomo kufuna ngongole. Pamene ndalama ikupezeka, tambala walira kale. Ena tinaperekezapo mnzathu pa ngolo, ndipo za usiku umenewo sitifuna kuzinena pano. Chifukwa chake tagwirizana kukhala ndi thumba la ulendo wa kuchipatala. Thumbali lidzalipira njinga kapena galimoto usiku womwewo, ndipo banja lidzabweza likagulitsa mbeu zake, popanda chiongoladzanja. Si lolipirira mankhwala kapena bedi ai, ndi la ulendo wokha. Ndalama zoyambira tidzazipeza pa ulendo wa ndawala, kuchokera pa tchalitchi pano kukafika pa msika wa Namitete. Tauika m'nyengo ino yokolola dala, chifukwa mu Januwale munthu sungamupemphe kanthu.

Tsono tiyambe ndi a Gulupu. Gogo, musavutike kuimirira, tingokuomberani m'manja muli pomwepo. Iwowa sanatipatse ndalama, anatipatsa chidindo. Mapepala opemphera thandizo tapanga 40, lililonse lili ndi nambala yake ndi chidindo cha a Gulupu pamwamba. Wina akabwera pakhomo panu ndi pepala lopanda chidindo, kapena lofufutidwa nambala, limenelo si lathu, musapereke. Anauzanso mafumu ao kuti amayi athu asabwezedwe m'midzi. Zikomo kwambiri, gogo.

Achiwiri ndi bambo mwini sitolo ya pa mphambano, amene nonse mumagulako mchere ndi sopo. Taimirirani bambo kuti anthu akuoneni. Mphatso yao ifunika kuimvetsa bwino, chifukwa ife tomwe tinachita kufunsa kawiri. Iwo anati pa K1,000 iliyonse imene ife titolere, adzaonjezapo K200, koma sadzapyola K100,000. Ndiye kuti tikatolera K100,000, iwo apereka K20,000 yokha. Kuti ndalama yao yonse ituluke, ife tiyenera kupeza K500,000. Tinakhala pansi ndi amayi msungichuma kuwerengera: mapepala 40 aja, lililonse libweretse K12,500, ndiye kuti anthu 25 pa pepala limodzi, yense K500. Nchifukwa chake pepala lili ndi mizere 25. Poyamba ena tinadandaula kuti bwanji osangotipatsa, koma taona kuti bambowa anatichenjerera bwino, safuna kuti tigone. Anatinso adzakhalapo okha powerenga ndalama, ndipo ife tavomera ndi mtima wonse.

Achitatu ndi abale athu a kalabu ya alimi a mtedza. A wapampando a kalabu, imirirani pamodzi ndi anzanu. Awa abweretsa matumba 6 a mtedza wosasenda, ndipo afika kale, ali m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi. Ena afunsa kuti bwanji osagulitsa mawa. Ai, nthawi ino mtedza uli pakhomo lililonse ndipo mavenda akugula motchipa. Tidikira mpaka Okotobala kapena Novembala, anthu akamafuna mbeu yobzala. Koma kusunga kuli ndi ntchito yake, ndipo alimiwa atilangiza. Mtedza ukhale m'makoko mwake. Matumba asagone pa simenti kapena kutsamira khoma, akhale pa mitengo. Ukauma bwino, ukaugwedeza umalira m'kati. Ukayamba kununkha chinyontho kapena kuoneka chuku, waonongeka, ndipo wotere sitidyetsa ana ngakhale kuusinja nsinjiro. Posenda tisadzauwaze madzi kuti makoko afewe, monga tizolowera, chifukwa chuku chimayambira pomwepo. Amayi awiri azikauona Lachinayi lililonse tikatuluka m'mapemphero, aonenso za mbewa.

Anyamata a kabaza, muli kumbuyo uko, bwerani kuno musachite manyazi. Ana athu awa ndi asanu, ndipo mphatso yao ndi tulo tao. Avomera kuti akaitanidwa usiku adzanyamuka osayamba afunsa ndalama, ndipo amayi msungichuma adzawalipira Loweruka. Anapempha chinthu chimodzi, kuti Loweruka likhaledi Loweruka, pakuti mafuta amagula ndi ndalama ndipo njinga zina ndi za eni ake. Pempho limeneli ndi loona. Tinenenso poyera kuti mayi amene akutaya magazi kapena akukomoka si wokweza pa njinga yamoto. Pa zoterezi bambo mwini galimoto ya matola avomera kuti tiziwadzutsa. Lero ali pa ulendo, koma mayi a kunyumba kwao ali nafe, tiwaombere m'manja.

Otsiriza sali pano. Ndi ana a m'midzi muno amene ali ku Joni. Anasonkherana okha kumeneko natumiza K60,000 pa Mukuru. Makolo ao imirirani m'malo mwao, ndipo mukawauze kuti yafika yonse ndipo yalembedwa. Ndalamayi sinagone m'foni ya munthu. Inapita ku banki, kumene sangatulutse ndalama popanda kusaina anthu awiri mwa atatu, ndiwo amayi Wapampando, amayi msungichuma ndi mkulu wa mpingo mmodzi.

Mwina mwaona kuti potchula aliyense tikunena ngati mphatso yafika kapena ikudza. Tinaphunzira movutika. M'chaka cha 2023 tinasonkha za denga la khitchini, ndipo tinawerenga malonjezo onse pamodzi ngati ndalama, anthu nkululuta. Ena analonjeza pamaso pa anthu chifukwa cha manyazi, osapereka. Ena anapereka mochedwa, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, malata amene tinawerengera nkukhala osakwanira. Sitikuloza munthu chala, kulakwa kunali kwa ife olemba. Tsopano bukhu lathu lili ndi masamba awiri. Tsamba la kumanzere ndi la zimene tazigwira m'manja ndi kupereka lisiti, ndipo lero muli K60,000 ndi matumba 6 a mtedza. Tsamba la kumanja ndi la malonjezo, ndipo lonjezo lililonse lili ndi tsiku lake. Wolonjeza akaona kuti zavuta, angotiuza mwakachetechete, tidzafufuta popanda kulengeza.

Amene mukufuna kuthandiza lero, tebulo lili pakhomo, ndipo musachoke opanda lisiti ngakhale mwapereka mazira awiri. Amayi otenga mapepala, mutsale tikatha pemphero kuti yense asaine pa nambala yake. Pepala lidzabwerere kwa mlembi ngakhale lili lopanda dzina ndi limodzi lomwe, lisadzakulungidwire usipa.

Tsono tipempha a Gulupu alandire pepala loyamba kwa amayi Wapampando.