Filimu ya mphindi 5 imafuna funso limodzi basi

Aphunzitsi akati tijambule filimu ya mphindi zisanu, ambirife timathamangira kunena kuti, "Ife tipanga za usodzi ku Salima." Umenewotu ndi mutu chabe, si funso. M'menemo muli kusowa kwa chambo, mtengo wa usipa ku Senga Bay, mwera, ana ojomba kusukulu chifukwa cha kunyanja, zonse pamodzi. Sizingakwane.

Tiwerengere limodzi. Mphindi zisanu ndi masekondi 300. Chotsanipo 20 a dzina la filimu ndi mayina akumapeto, chotsaninso 40 oonetsa malo ndi kuyala nkhani. Atsala 240. Mukafunsa anthu atatu, aliyense ali ndi masekondi 80 okha, ndipo mukudziwa kuti agogo akayamba kufotokoza, 80 amathera pa malonje.

Tiyeni titenge chilumba cha Mbenje. Kumeneko a Mfumu Makanjira ndi anthu awo amatseka usodzi mu Disembala n'kudzatsekula mu Epulo kuti nsomba ziswane, ndipo mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Wina anganene kuti funso likhale lakuti, "Kodi kutseka Mbenje n'kwabwino?" Vuto lake, aliyense angoti eya, filimu yathera pomwepo. Wina angati, "Mwambowu unayamba bwanji ndipo ukuthandiza bwanji?" Mwamumva "ndipo" ameneyo? Amenewo ndi mafilimu awiri. Komanso zakalezo foni singazijambule, mungokhala ndi munthu wokhala pampando akuyankhula mpaka mapeto. Nanga kukajambula pachilumba penipenipo? Pafunika ndalama ya boti, ndiponso malamulo akumeneko salola akazi, ndiye kuti atsikana a m'gulu mwanu atsala kumtunda.

Ine ndingasankhe ili: "Mbenje akatsekedwa, msodzi amadyetsa bwanji banja lake?" Yankho silikudziwikiratu, oyankha ali konkuno kugombe monga ku Chikombe, ndipo maso ali n'choona: chilimira akusokedwa, mathandala oyanikapo nsomba, khasu kumunda. Anthu atatu aja apezeka okha: msodzi mwiniwake, mayi wogula nsomba kwa iye, ndi mkulu wa komiti ya pagombe. Muyambe mwapempha chilolezo kwa amfumu ndi kwa aliyense musanamuloze ndi foni.

Funsolo mulilembe papepala, aliyense wa m'gulu alione. Msodzi akayamba kudandaula za mtengo wa mafuta a injini, mumvetsereni mwaulemu, koma podula filimu chidutswacho chichoke, ngakhale chikome chotani.

Mukamaliza kulumikiza, yesani kusinthanitsa zidutswa, chachitatu chibwere poyamba. Ngati palibe chasokonekera, ndiye kuti mwangosanja zithunzi, funso mulibe. Kenako muonetseni mnzanu wa kalasi ina osamuuza kanthu, mumufunse kuti filimuyi ikufunsa chiyani. Akati "za nsomba," bwererani mukadulenso.