Mawu a Mlendo Wolemekezeka kwa Anthu a ku Magaleta pa za Kuphunzira ndi Matabuleti



Ngakhale mtsinje wa Shire, umene umazunguza makina a magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani, uli m'malire a boma lathu lino la Neno, tonse tidziwa kuti magetsiwo safika m'sukulu zambiri, ndi kuti kumene afika amathima osatsazika, monga anachitira m'chaka cha 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chifukwa chake ndondomeko ya BEFIT, imene boma linayamba m'chaka cha 2023 ya ana a Sitandade 1 mpaka 4, siidalira intaneti: maphunziro a kuwerenga ndi masamu, m'Chichewa chathu, amakhala m'tabuleti momwemo, ndipo moto wake umachokera ku dzuwa.

Tiyerekeze kalasi ya ana 120 ndi matabuleti 30. Mphunzitsi wanzeru adzawagawa m'magulu anayi, kuti pamene gulu limodzi lavala zomvera m'makutu kwa mphindi 30, mwana aliyense akuyenda pa liwiro lake, magulu atatu otsalawo akhale pa bolodi, pa buku ndi pa kope. Ndipo wochokera ku tabuleti alembe ndi dzanja lake zilembo zimene wamva, pakuti alipo ana odziwa kugunda yankho loona ndi chala, koma osakhoza kuwerenga mawu omwewo akawapeza m'buku. Mwana wotere tabuleti ingamuyese wokhoza. Womuzindikira ndi mphunzitsi amene amamuimiritsa kuti awerenge mokweza.

Tsono za moto, zimene ndifuna a komiti ya sukulu muzisunge mumtima. Tinene kuti tabuleti imodzi, kuti idzale, imadya mphamvu yoyatsa babu la mawati 20 kwa ola limodzi. Onse 30 adzafuna 600. Sola ya mawati 200, ikaombedwa ndi dzuwa lamphamvu maola asanu, ipereka 1,000, ndipo mukachotsa ngati 300 zotayika m'mawaya ndi m'batire, zitsala 700, zongokwanira basi. Chiperoni chikaphimba mapiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi, sola yomweyo ingalephere kupereka ngakhale theka, ndipo masiku amenewo magulu azilandirana matabuleti modumphitsa tsiku, phunziro la pa bolodi lili lokonzeka kale.

Mukaona matabuleti akuzima dzuwa lisanafike pamutu, kumwamba kuli ngwee, musafulumire kunena kuti afa. Yambani mwapukuta fumbi pa sola ndi nsalu yonyowa, muone ngati nthambi sikuichititsa mthunzi, kenaka mufunse ngati usiku batire silikutchaja mafoni a m'mudzi, pakuti batire lokamidwa mpaka kuuma tsiku ndi tsiku limafa msanga, ndipo kugula lina kufuna ndalama zambiri. Ndikupempha mafumu ndi a komiti kuti lero lomwe musankhe wosunga makiyi a malo osungira matabuleti, ndi kumupatsa kope lolembamo tabuleti iliyonse potuluka ndi pobwerera.